Ndagawa pulogalamu m'magawo atatu koma kumanga sikunafulumire, ndalakwitsa pati?

Wofunsa, wa ku Chilenje:

Muli bwanji nonse? Ndikupempha uphungu kwa amene adagawapo pulogalamu ya Android m'magawo. Tili anthu atatu amene tikulemba pulogalamu yothandiza eni masitolo a ku Kamwala kulemba katundu amene ali m'sitolo, ngongole za makasitomala awo, ndiponso malipiro. Tinayamba ndi gawo limodzi lokha la `:app`, ndipo patatha zaka ziwiri zonse zikadali momwemo. Pa laputopu yanga ya RAM ya 8 GB, kumanga kuchokera poyambira kumatenga mphindi 11, ndipo ngakhale nditasintha mzere umodzi wokha ndimadikira mphindi pafupifupi zinayi. Masiku amene magetsi azima, batire imatha ndisanayese zinthu khumi n'komwe.

Sabata yatha ndinaganiza zogawa. Ndinapanga `:core` n'kuikamo nkhokwe yathu ya Room, makalasi onse a deta, mitundu, zithunzi ndi timafankishoni tothandizira, kenako ndinapanga `:feature:katundu` ndi `:feature:ngongole`. Mavuto awiri atuluka. Loyamba ndi lakuti nthawi yodikira sinatsike, mwinanso yakwera pang'ono. Lachiwiri ndi lakuti tsamba la ngongole limafunika kutsegula tsamba la katundu amene munthu adakongola, pomwe tsamba la katundu limafunikanso kusonyeza amene sanalipire, ndiye nditalumikiza magawo awiriwa mbali zonse ziwiri Gradle yakana n'kulemba kuti:

```
Circular dependency between the following tasks
```

Kodi ndipitirize kugawa, kapena ndibwezere zonse mwakale? Anzanga awiri aja ayamba kale kundiyang'ana ndi diso lina.

Wa ku Matero:

Akulu, magawo atatu ndi ochepa kwambiri, n'chifukwa chake simukuona kusintha. Gradle imatha kumanga magawo angapo nthawi imodzi, koma muyenera kuiuza polemba `org.gradle.parallel=true` mu `gradle.properties`. Mukatero, gawani tsamba lililonse likhale gawo palokha, ngakhale afike makumi atatu. Ndipo kuti musamavutike ndi zolakwa zonena kuti kalasi yakutiyakuti siikupezeka, lembani `api` m'malo mwa `implementation` paliponse, zonse zizionana.

Amayi a ku Woodlands:

Abambo a ku Matero anena zoona pa mzere umene atchulawo, koma pa `api` ndikupemphani kuti musawatsate, chifukwa pamenepo ndi pamene phindu lonse la kugawa limathera. Gawo likatenga lina ndi `implementation`, chotengedwacho sichioneka kwa magawo amene ali pamwamba pake, kotero chikasintha iwo safunika kumangidwanso. Likatenga ndi `api`, chimaonekera mpaka pamwamba, ndipo kusintha kwa maonekedwe ake akunja kumadzutsa onse amene ali pamzerewo. Lembani `api` pokhapokha mtundu wa m'gawo lapansilo ukutchulidwa poyera m'mafankishoni a gawo lanu.

Tsopano ku vuto lanu loyamba. Kugawa kumafulumiza ntchito pa zifukwa ziwiri zokha: magawo amene sanakhudzidwe amalumphidwa, ndipo magawo osadalirana amamangidwa pamodzi. Mmene mwagawiramu zonse ziwiri sizingachitike kawirikawiri, popeza `:core` yanu ndi dengu loponyamo chilichonse, ndipo gawo lililonse limaidalira. Mukaonjeza chinthu chimodzi m'kalasi ya ngongole, ndiye kuti mwasintha `:core`, choncho Gradle imamanga `:core` kaye ena onse akudikira, kenako magawo awiri aja, kenako `:app`. Ntchito ndi yomwe ija ya kale, kungoti tsopano ili pamzere, ndiponso mwaonjezapo nthawi yowerenga mafayilo okonzera gawo lililonse.

Musanasunthe fayilo ina iliyonse, yezani. Sinthani mzere umodzi m'tsamba la ngongole, kenako muyendetse lamulo ili, ndipo mubwereze zonsezi katatu chifukwa ulendo woyamba umakhala wochedwa nthawi zonse:

```
./gradlew assembleDebug --profile
```

Lipoti lake mulipeza mu `build/reports/profile`, ndipo limasonyeza nthawi imene ntchito iliyonse yatenga. Mutiuze zitatu zimene zadya nthawi yochuluka.

Wa ku Garden:

Ifenso tinagawapo yathu chaka chatha, koma ndikuchenjezeni kuti makasitomala sanakondwe. Munthu amatsitsa pulogalamu, ndiye akadina malo a malipoti imamuuza kuti adikire itsitse gawo lina, pamene bandulo yake yatha. Kwa anthu athu a m'misika, monga a ku Soweto, ndi bwino zonse zibwere pamodzi kamodzi.

Amayi a ku Woodlands:

Abambo a ku Garden, zimene mukunenazo ndi magawo a `com.android.dynamic-feature`, amene amatha kutsitsidwa pambuyo pake. Mbale wathuyu akunena magawo wamba a `com.android.library`, amene pomaliza amaphatikizidwa m'pulogalamu imodzi, ndipo kasitomala sadziwa n'komwe kuti idagawidwa.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri amayi. Ndayeza monga mwanenera, ndipo ndachita manyazi kuti sindinayambire pamenepa. Pa masekondi pafupifupi 230 a ulendo wachitatu, `kaptGenerateStubsDebugKotlin` ndi `kaptDebugKotlin` za m'magawo onse pamodzi zatenga 95, `:app:compileDebugKotlin` yatenga 70, ndipo zotsalazo ndi za kuphatikiza ndi kulongedza. Ndaonanso kuti pogawa paja ndinakopera fayilo yokonzera ya `:app` yonse m'gawo lililonse, ndiye kapt ikuyenda kanayi, ngakhale m'gawo limene silikuifuna. Timaigwiritsa ntchito pa Room, pa Hilt, ndi pa masamba akale asanu ndi limodzi amene adalembedwa ndi Data Binding.

Amayi a ku Woodlands:

Ndiye mdani wanu wamkulu mwamupeza, ndipo si kuchepa kwa magawo. Kapt imayamba yalemba mafupa a makalasi anu a Kotlin m'chinenero cha Java kuti zida zakale ziwerenge, ndipo ntchito imeneyo ndi yolemera. Room ndi Hilt zonse zimatha kuyenda ndi KSP, imene imawerenga Kotlin mwachindunji, kotero zisamutsireni kumeneko. Data Binding ndiyo idzakukakamizani kusunga kapt, ndipo apa ndi pamene kugawa kuli ndi phindu lenileni kwa inu: ngati masamba asanu ndi limodziwo ali a ntchito imodzi, atsekereni m'gawo lawo, kuti kapt izidzuka pokhapokha gawo limenelo kapena zimene limadalira zasintha. Muonetsetse kuti gawolo silikufunanso Hilt kudzera mu KSP pa makalasi omwewo, chifukwa zimene chida chimodzi chapanga chinzake sichiziona nthawi zonse. Ngati zavuta, gawo limenelo lokha likhale pa kapt yonse mpaka mutalembanso masambawo.

Za mkombero uja, lamulo limene ine ndimatsata ndi lakuti gawo la ntchito lisadalire gawo la ntchito linzake. Tsamba la ngongole silifunika kudziwa tsamba la katundu. Limangofunika kunena kuti munthu wadina katundu wa nambala yakuti. Mwachitsanzo, m'gawo la ngongole mulembe chonchi:

```kotlin
interface NjiraZaNgongole {
    fun tsegulaKatundu(katunduId: Long)
}
```

Ndiye `:app`, imene imadziwa magawo onse awiri, ndiyo ikwaniritse lonjezo limeneli potsegula tsamba loyenera. Onani kuti chikudutsa ndi nambala chabe, osati kalasi yonse ya katundu. Mbali inayo, pamene tsamba la katundu likufuna mndandanda wa osalipira, imeneyo ndi nkhani ya deta, osati ya masamba, kotero lifunse ku gawo la pansi limene onse awiri amalidalira.

Dengu lija muling'ambe molingana ndi mmene zinthu zimasinthira. Makalasi a deta opanda chilichonse cha Android akhale mu `:core:model`, gawo la Kotlin yokhayokha, lomwe limamangika msanga chifukwa lilibe manifesiti kapena zithunzi zoti ziphatikizidwe. Mitundu ndi mabatani zipite ku `:core:ui`, nkhokwe ku `:core:database`. Kwa anthu atatu, magawo asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu akwana. Ndipo chilichonse chimene sichifunika kuoneka kunja kwa gawo muchilembe `internal`, popeza mu Kotlin mawu amenewa amatsekera chinthu m'gawo lake, ndipo ndi amene adzaletse anzanu awiri aja kulumpha mpanda Lachisanu madzulo akamathamangira kumaliza.

Wa ku Matero:

Pa `api` ndavomera, amayi. Koma pa nkhokwe sindikugwirizana nanu. Mukaika matebulo onse mu `:core:database`, mwapanganso dengu lomwe lija, kungoti laling'ono, chifukwa aliyense woonjeza tebulo adzamangitsa anzake onse. Ife gawo lililonse lili ndi nkhokwe yake.

Amayi a ku Woodlands:

Zimenezo zimatheka pamene ntchitozo sizikhudzana. Koma Room imafuna kuti kalasi ya `@Database` itchule matebulo ake onse, ndipo funso limodzi silingalumikize matebulo a m'nkhokwe ziwiri zosiyana. Kwa mbale wathuyu, kukongoza thumba la shuga kumayenera kuchotsa katundu m'sitolo ndi kulemba ngongole nthawi imodzi, zonse zitheke kapena zonse zilephereke. Mukazilekanitsa, foni ikazima pakati mudzapeza thumba latuluka koma ngongole palibe. Ndikuvomera kuti mtengo wake ndi umene mwanenawo, koma matebulo sasintha tsiku lililonse monga masamba.

Wa ku Matero:

Kwa iwo mwina ndi choncho, koma malipoti ndi zokonda za wogwiritsa ntchito ndikadaziika padera ndithu.

Wofunsa:

Ndabweranso patatha masiku anayi. Ndasamutsa Room ndi Hilt kupita ku KSP m'magawo onse kupatula `:app`, kumene masamba akale aja akadali, ndipo ndachotsa kapt kumene sinkafunika. Ndang'amba `:core` patatu, ndipo mkombero watha ndi njira ya amayi ija. Kusintha mzere m'tsamba la ngongole tsopano kukutenga masekondi pafupifupi 80, koma ndikakhudza `:core:model` ndimabwerera kufupi ndi mphindi zitatu.

Zinthu ziwiri zinandipunthwitsa, ndipo ndizilembe kuti ena asataye tsiku monga ine. Nditasuntha makalasi a deta, malo ambiri amene ankayenda bwino anayamba kukana ndi uthenga woyamba ndi `Smart cast to 'String' is impossible`, chifukwa Kotlin sikhulupirira kuti chinthu cha poyera cha m'gawo lina chikhalabe chimodzimodzi mutachifufuza; ndinachita kuyamba ndachiika mu `val` ya pamalopo. Chachiwiri, `R.string` ya gawo limodzi inasiya kuona mawu a m'gawo lina, popeza kuyambira AGP 8.0 `R` ya gawo imangosunga zinthu za gawo lomwelo, ndiye ndimayenera kutchula ya `:core:ui` ndi dzina lake lonse.

Chimene chikundivutabe ndi kumanga magawo pamodzi kuja. Nditayatsa `org.gradle.parallel=true`, laputopu inayamba kulira ngati chigayo ndipo Android Studio inkauma, chifukwa Gradle ndi Kotlin aliyense ali ndi malo ake m'memori, kuonjezera pa foni yoyeserera ya pakompyuta. Ndaika `org.gradle.workers.max=2` ndipo ndikuyesera pa foni yeniyeni, ndiye zakhalako bwino. Kodi alipo amene ali ndi makina a 8 GB angandiuze nambala imene adaika pa `-Xmx` mu `org.gradle.jvmargs`? Panopa ndili pa 2 GB, ndipo ndikuopa kukweza.