Funso la Chisipanishi: "si tendría" walakwa chiyani?

Wofunsa: Abale amene munaphunzira Chisipanishi ndithandizeni. Ndimafuna kunena kuti "ndikadakhala ndi ndalama ndikadagula galimoto", ndiye ndalemba *Si tendría dinero, compraría un coche*. Aphunzitsi adula *tendría* n'kulemba *tuviera*, koma *compraría* amusiya. Onse awiri si a -ría? Nanga wina alakwe bwanji mnzake ali bwino?

Bambo wa ku Zomba: Lamulo lake n'losavuta achimwene. Mukangoona *si*, mneni wotsatira azikhala wa -ra. *Tuviera, pudiera, fuera*, basi.

Mayi wokhala ku Madrid: Bambo, pa chiganizo ichi mwalondola, koma si paliponse. Chinthu chikakhala choti chitha kuchitikadi, *si* amatenga mneni wamba wa nthawi ino: *Si tengo dinero, compro un coche*, kapena *compraré*. Ndiye kuti "ndikapeza ndalama ndigula", munthu akuyembekezera ndithu, mwina malipiro ali pafupi.

Achimwene ofunsa, chimene chakukolani ndi Chichewa chathu chomwe. Ife timati ndiKADAkhala, ndiKADAgula, mbali zonse ziwiri mofanana. Chisipanishi sichitero. Mbali imene ili ndi *si* imatenga -ra, mbali ya chotsatira ndi imene imatenga -ría. Choncho *Si tuviera dinero, compraría un coche*. Ngakhale mutembenuze, *Compraría un coche si tuviera dinero*, -ra amakakamirabe kwa *si*.

Kapangidwe kake musaloweze mndandanda. Tengani mneni wa "iwo anachita", chotsani -ron, ikani -ra. *Tuvieron* akhala *tuviera*, *hicieron* akhala *hiciera*, *dijeron* akhala *dijera*. Njira imeneyi imagwira ngakhale pa aneni opulupudza aja. Mukakumana ndi *tuviese* m'buku musadabwe, pambuyo pa *si* ndi chimodzimodzi ndi *tuviera*.

Wofunsa: Zikomo amayi. Nanga ngati zinapita kale? Mwachitsanzo galimoto ija inali pa malonda chaka chatha, ine ndalama ndinalibe.

Mayi wokhala ku Madrid: Apo ndi pamene amasiyanitsa zomwe ife timanena ndi mawu amodzi. Za lero: *si tuviera, compraría*, ndalama mulibe koma khomo silinatsekeke. Za chaka chatha: *Si hubiera tenido dinero, habría comprado el coche*. Zinatha, palibenso chobweza. Muthanso kusakaniza ngati zakale zikukupwetekani mpaka pano: *Si hubiera comprado el coche, ahora no iría a pie*, ndikadagula bwenzi pano ndisakuyenda wapansi. Dzifunseni mbali iliyonse payokha kuti ikunena za liti.

Mnyamata wa ku Tete: Ife a Chipwitikizi msampha wathu ndi wina. Timati *se eu tiver tempo*, ndiye pakamwa pamafuna kunena *si tuviere* kapena *si tenga*. Ndinkangoona anthu akundiyang'ana modabwa. *Tuviere* alipo koma anatsalira m'mabuku a malamulo, ndipo *si tenga* kulibe. Ndi *si tengo tiempo* basi.

Mayi wokhala ku Madrid: Eya, koma *cuando tenga tiempo* alipo, n'chifukwa chake anthu amasokonezeka. "Ndikapeza mpata" wathu amanyamula zonse ziwiri. Ngati mpatawo ubwera ndithu, nkhani ndi tsiku lokha, ndi *cuando tenga*. Ngati mwina subwera n'komwe, ndi *si tengo*.

Mtsikana wina: Ine ndimadziwa kuti *si* ndi "inde". Ndiye zonsezi zikuchokera kuti?

Bambo wa ku Zomba: "Inde" ndi *sí* wa kachizindikiro pamwamba, chemwali. Uyu alibe. Koma amayi, ine ndawonapo *No sé si vendrá*. Si mwati mneni wa zam'tsogolo amakhala ku mbali inayo?

Mayi wokhala ku Madrid: Uyo ndi *si* wa funso, "sindikudziwa ngati abwera". Palibe chinthu chodalira chinzake pamenepo, ndiye *vendrá* ali bwino, ngakhale *vendría* amaloledwa.

Dalaivala wa mathiraki: Ine ndisiyana nanu pang'ono. Ndagwirapo ntchito ndi anyamata a ku Bilbao, eni chilankhulo enieni, *si tendría* ankanena tsiku lililonse popanda wowadzudzula. Aphunzitsiwo sakungolimbitsa zinthu?

Mayi wokhala ku Madrid: Simukunama, kumpoto kwa Spain, madera a Bilbao ndi Navarra, amayankhuladi choncho, ku Argentina nakonso ena amatero. Koma pa mayeso a Chisipanishi ngati a DELE kapena pa kalata yofunsira ntchito amatenga ngati cholakwa. Pomwe pali ufulu ndi pa zakale zija: *si hubiera tenido, hubiera comprado* n'chololedwa, *hubiera* mbali zonse ziwiri.

Dalaivala wa mathiraki: Ndiye *hubiera* kawiri aloledwe, *-ría* kawiri akanidwe? Ine pamenepo sindikukhutira. Anasankha ndani?

Wofunsa: Zimenezo kambiranani akuluakulu. Ine ndiyeseko: *Si hubiera sabido la regla, no tendría tinta roja en el cuaderno*. Amayi a ku Madrid, *habría tenido* akufunika apa kapena ndasakaniza bwino, poti inki yofiirayo ikadali m'kope mpaka pano?