Ndilembe bwanji mmene matenda a bambo anga ayendera tisanapite kuchipatala?

Nachisale: Abale, ndithandizeni nzeru. Lolemba ndikuperekeza bambo anga kuchipatala cha pa boma ku Nkhotakota. Ali ndi zaka 63, ndi msodzi. Akutsokomola, akutuluka thukuta usiku, ndipo aonda. Vuto ndi loti ukawafunsa kuti chifuwachi chinayamba liti amangoti "kalekale", mawa lake amati "dzana lomweli". Mayi akunena zina, ine ndimakhala ku Dwangwa ndiye sindinaone zonse. Ndikufuna ndilembe papepala mmene zayendera kuti tikalowa kwa adokotala tisakachite chibwibwi, poti mzere umakhala wautali. Ndilembe chiyani, nanga masiku amene palibe akuwakumbukira ndiwapeza bwanji?

Che Yusufu: Mayi, munthu wakunyanja musamufunse deti. Afunseni kuti pamene mwera unkawomba kwambiri anali atayamba kale kutsokomola kapena ayi. Pamene ankamweta mpunga, thupi linali bwanji? Analeka liti kupita kokoka khoka? Amene amapita nawo panyanja akudziwa tsiku limene analephera kupalasa.

Mayi a Tadala: Pepani ndi matenda. Apatseni ndimu, uchi ndi jinja m'madzi ofunda. Apongozi anga chinatha sabata imodzi.

Nachisale: Zikomo mayi, zimenezo amwa kale, sizinasinthe. Panopa ndikufunsa za kalembedwe. Che Yusufu, ndaimbira mayi. Akuti pa 6 Julaye, kutabwera alendo pakhomo, bambo anali akutsokomola kale koma akupitabe kunyanja. Analeka kupita pambuyo pa maliro a azakhali anga, ndipo malirowo ndikudziwa anali pa 10 Ogasiti chifukwa ndinatumiza chipepeso pafoni, uthenga wake ulipo.

Gift wa ku Benga: Gulani kope lonse asisi. Lembani tsiku lililonse, chimene adya, nthawi imene agona, zonse. Pamwamba mulembe kuti mukuganiza kuti ndi chifuwa chachikulu kuti asachedwe ndi zina.

Anamwino Nabanda: Achimwene a Gift, za kope ayi. Tsamba limodzi basi, mbali imodzi. Amene akuona odwala ali ndi anthu ambiri panja, sawerenga kope. Ndipo dzina la matenda musalembe. Lembani zimene mwaona ndi maso, kutchula matenda muwasiyire iwo akayeza. Kutsokomola nthawi yaitali ndi kuonda kungakhale chifuwa chachikulu, inde, koma kungakhalenso zina, monga vuto la mtima kapena mapapo, ndipo pepala lisatseke maganizo a woyeza.

A Nachisale, mwayamba bwino. Masiku awiri amene mwapezawo ndi zikhomo zanu, zina zonse muzikoloweka pamenepo. Pamwamba lembani mzere umodzi wa chimene chakubweretsani ndi utali wa nthawi yake. Kenako tsikani kuyambira chakale kufika lero, mzere uliwonse ukhale kusintha kumodzi. Mwa zimene mwanenazi, zingaoneke chonchi:

Bambo wa zaka 63, kutsokomola pafupifupi miyezi itatu, thukuta usiku, kuonda.
Chakumapeto kwa Juni (sitikutsimikiza): chifuwa chinayamba.
6 Julaye: akutsokomola, koma akugwirabe ntchito.
Pambuyo pa 10 Ogasiti: analeka kupita kunyanja chifukwa cha kufooka.

Pamene simukudziwa bwino, lembani "cha m'ma" kapena "sitikutsimikiza". Musapeke deti kuti pepala lioneke lokongola. Ife sitikufuna tsiku lenileni, tikufuna kudziwa ngati ndi masiku, masabata kapena miyezi, komanso chimene chinayamba ndi chiti. Chifuwa cha masiku anayi ndi chifuwa chopitirira masabata awiri sitiziyeza mofanana. Chachiwirichi, makamaka pali thukuta ndi kuonda, timapempha makhololo.

Tsopano pakusowa zinthu. Thukuta linayamba liti, ndipo limanyowetsa zofunda mpaka kusintha? Chifuwa ndi chouma kapena chili ndi makhololo, a mtundu wanji, munaonekapo magazi? Amwa mankhwala anji?

Nachisale: Thukuta akuti linayamba maliro asanachitike, mwina kumapeto kwa Julaye, ndipo mayi amayanika bulangete m'mawa uliwonse. Makhololo ndi achikasu, magazi akuti ayi. Mankhwala anamwa a malungo aja a LA amene anatsala kwa mlamu wanga, osayezetsa. Kenako mng'ono wanga anawagulira makapisozi pagolosale. Anamwanso achikuda, koma amenewo bambo akuti ndisakanene, akatikalipira.

Anamwino Nabanda: Lembani onse, achikuda omwe. Gawo limeneli ndi limene anthu amabisa, pamene ndi limene limasintha chiganizo cha adokotala. Munthu akabwera ndi chifuwa osanena kuti anamwa kale makapisozi, akhoza kupatsidwa omwewo n'kuuzidwa kuti abwerenso zikapanda kusintha, masabata ena apita. Koma akanena kuti anamwa, chifuwa osatha, woyeza amadziwa kuti ayang'ane patali.

Pa mankhwala aliwonse lembani zinayi: dzina, liti, masiku angati, ndi chimene chinachitika. LA wa munthu wamkulu ndi mapilitsi anayi m'mawa, anayi madzulo, masiku atatu. Ngati anali otsala kwa wina, ndiye sanakwane, choncho lembani kuti anamwa angati. Makapisozi ngati dzina simukulidziwa, tengani kapaketi kake ngakhale kopanda kanthu. "Ofiira ndi achikasu" sikutithandiza kwenikweni, mankhwala ambiri amafanana maonekedwe.

Za kuonda, "aonda" ndi mawu chabe. Tsegulani buku lawo la kuchipatala muone ngati anakwerapo sikelo m'mbuyomu, mulembe makilo ndi deti lake. Ngati mulibe, lembani kuti lamba abowola mabowo ena angati. Pansi penipeni ikani matenda ena amene ali nawo monga shuga kapena kuthamanga kwa magazi, mankhwala amene amamwa masiku onse, fodya ndi mowa, komanso ngati pakhomo kapena kudoko pali wina amene wakhala akutsokomola nthawi yaitali. Pali mafunso ena, monga oyezetsa magazi, amene bambo angafune kuyankha inu mutatuluka. Amenewo musawalembere, apatseni mpata.

Mphunzitsi Kamanga: Ine ndili ndi nkhawa ina. Ndinapitapo ndi pepala langa pachipatala china, amene ndinamupeza anangoliyang'ana n'kunena kuti "ndiye mwadziyeza kale, mwabweranji?" Ndinatuluka ndi panado. Kuyambira pamenepo ndimangoloweza pamtima.

Che Yusufu: Aphunzitsi, mwina munalipereka ngati kalata ya kwa amfumu. Koma zoona, anthu ndi osiyana.

Anamwino Nabanda: Zimachitika, sindikana. Musayambe ndi kutambasula pepala patebulo. Bambo ayambe kulankhula okha, ndiwo odwala. Akafunsidwa kuti chinayamba liti, inu munene kuti "ndinalemba kuti tisaiwale", muwerenge mzerewo. Akalifuna alitenga. Lembani papepala lapadera, osati m'buku la kuchipatala, m'menemo amalembamo achipatala okha. Ndipo ngati Lolemba lisanafike bambo atsokomola magazi, akubanika atangokhala pansi, kapena asokonezeka mutu, nyamukani nthawi yomweyo, pepala lithe lisathe.

Mphunzitsi Kamanga: Ndamva, komabe ine pepala ndizisiya m'thumba.

Gift wa ku Benga: Nanga alembe Chingerezi kapena Chichewa? Ine ndimaona ngati Chingerezi amachilemekeza.

Nachisale: Ndilemba Chichewa kuti mayi andikonze polakwika, ndiwo amagona nawo nyumba imodzi. Ndapeza m'buku kuti mu Epulo anali makilo 61. Koma pabuka china: mng'ono wanga akuti makapisozi anagula kawiri, mayi akuti kamodzi. Ndilembe ziti?

Anamwino Nabanda: Lembani "kamodzi kapena kawiri", ndipo mufunse mng'ono wanuyo ngati analipira pafoni. Tsiku lingapezeke mmenemo.