Sapulaya wakweza mtengo wa matumba, imelo ndiyankhe bwanji?

Nabanda, Kasungu boma: Akuluakulu thandizeni msanga, mutu waima. Sapulaya wathu wa ku Kanengo anatipatsa kotesheni ya matumba opanda kanthu 6,000, a makilogalamu 50 aja, pa K700 limodzi, kutibweretsera mpaka pa sitolo. Pansi analemba kuti mtengo ugwira masiku 7. Komiti inachedwa kusaina, oda ndatumiza tsiku la 10. Lero imelo yabwera, akuti K820. Kusiyana kwake ndi K720,000, ndalama imene mu bajeti mulibe, soya ndiye wayamba kale kulowa. Ndalemba yankho katatu ndikufufuta chifukwa likutuluka laukali. Kuyambana naye sindikufuna, ndi yekhayo amene amatipatsa katundu tilipire pakatha masiku 14.

Aphiri a ku Santhe: Amayi, musavutike. Pezani kotesheni ziwiri kwina, mumutumizire aone yekha. Wamalonda amamva akaona kuti ndalama ikupita kwa mnzake.

Amwale, Chinkhoma: Mayi Nabanda, choyamba vomerani mumtima kuti pa pepala iye sanalakwe. Masiku 7 anatha. Mukalemba ngati wakuberani, ayankha ndi chiganizo chimodzi cholozera tsiku la pa kotesheni, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye imelo yanu isakhale yodandaula, ikhale yoti pali chimene mukumupatsa.

Musanalembe muimbireni foni amene amasamala akaunti yanu, mumufunse chakwera n'chiyani. Yankho lake ndi limene likuuzeni pogwira. Akati wayitanitsa katundu watsopano pa mtengo wokwera, funsani ngati m'nyumba yosungira katundu mwatsala a kale. Akati ndi mafuta a galimoto, thiransipoti ichotsedwe mukatenge nokha. Akati ndalama ikumathera mphamvu m'manja mwa ongongola, ndiye kuti chikumuwawa ndi masiku 14 aja, mankhwala ake ndi dipoziti. Anthu awa anapsa mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anapereka katundu pa ngongole analandira ndalama yosakwanira kugula katundu yemweyo. Kuyambira pamenepo ambiri amaopa ngongole kuposa kutsitsa mtengo.

Mukatha kulankhula, lembani tsiku lomwelo, poyankha pa imelo yake yomweyo kuti kotesheni yakale ioneke m'munsi. Ine ndikanalemba motere:

"Bambo, zikomo chifukwa cha nthawi yanu pa foni m'mawa uja. Tikuvomereza kuti oda yathu inafika masiku a kotesheni atadutsa, kuchedwa kunali kwathu. Matumba 6,000 tikuwafunabe kwa inu. Pa K820 bajeti yathu siyikufika. Tikupempha K760 limodzi, zonse pamodzi K4,560,000. Ife tilipira K2,736,000 mawa, yomwe ndi 60 peresenti, ndipo K1,824,000 yotsala tilipira pasanathe masiku 7 katundu atafika, m'malo mwa masiku 14 a nthawi zonse. Ngati izi zili bwino, titumizireni invoisi pofika Lachinayi masana kuti tikonze za kubanki. Ngati pali pamene pakuvuta, tiuzeni tione limodzi."

Onani kuti pempho ndi limodzi, nambala ndi imodzi. Mukalemba kuti "tichotsereniko pang'ono" achotsa K10 n'kunena kuti wayesetsa. Mukapempha mtengo, thiransipoti ndi masiku owonjezera nthawi imodzi, asankha chotchipa kwa iye, zinazo osazitchulanso.

Nabanda: Amwale zikomo. Koma K760 si ndadzigulitsa ndekha? Bwanji ndiyambe ndi K700 yomweyo kuti tikumane pakati?

Amwale: Pamsika pamaso ndi pamaso zimatheka, mumaseka n'kukwera pang'onopang'ono. Pa imelo K700 iwoneka ngati simunamve chimene wanena. Komanso kalata iliyonse imadya tsiku, mukabwezerana kanayi sabata yatha, mtengo n'kusinthanso. Ngati mukufuna mpata yambani pa K740, koma mudziwiretu pamene muimire ndipo komiti ivomereze musanatumize. Choipa kwambiri ndi kugwirizana mtengo kenako n'kubwerera kuti "akuluakulu akana". Kachiwiri sadzakutsitsiraninso.

Aphiri a ku Santhe: Zonsezi n'zotalika. Kotesheni ya mnzake basi. Muika pa imelo, mawa mtengo watsika.

Mayi Nazimbiri, Mchinji: Aphiri, kufunsa mitengo kwina n'koyenera, apo sindikutsutsa, munthu adziwe pamene msika uli. Koma kutumiza pepala la kampani ina ayi. Ogulitsa matumba ku Lilongwe amadziwana. Amene mwaulutsa pepala lake akamva, ulendo wina sakupatsaninso mtengo wabwino, ndipo amene mwamutumizirayo adziwa kuti lakenso mudzaliyendetsa. Nenani ndi mawu chabe kuti mwapeza mtengo wotsikirapo koma mukufuna kupitiriza ndi iye. Ndipo muyambe mwafananitsa bwino. Thumba lotchipa nthawi zambiri limakhala lopepuka, ulusi wake wotalikirana, mukasanja mizere khumi a pansi amaphulika m'mbali. Wina amalemba mtengo wopanda VAT, wina ndi wokatengera nokha. Mukawerengera zonse mupeza mtengo wooneka wotchipa, tinene K690, wadutsa K820. Ikani mabelo awiri pa sikelo, la uyu ndi la uyo, muone kulemera kwake musanatsegule pakamwa.

Achisale, Kamwendo: Bwanji osangodumphira ku Chipata? Pa Mwami ndi pafupi, matumba aliko.

Mayi Nazimbiri: Achimwene, funso si logula kuti. Komanso Mayi Nabanda ali ku Kasungu, muwerengere ndalama yakunja, msonkho wa pachipata ndi galimoto, ndipo kumeneko palibe amene awapatse pa ngongole.

Agondwe, Nkhamenya: Chenjezo langa ndi pa CC. Musaike bwana wake wa munthuyo pa imelo yoyamba. Amaona ngati mwamunenera, ndiye amauma kuti asaoneke wofooka pamaso pa bwana. Ngati mphamvu yotsitsa alibe, mufunseni iye mwini kuti "kodi tingapemphe limodzi kwa akulu?" Apite nayo yekha nkhaniyo. China, mukati mukatenga nokha katundu, funsani kaye mtengo wa galimoto. Njira yabwino ndi lole imene yapita ndi soya ku Lilongwe ikubwerera yopanda kanthu pa M1. Yochita hayala mwapadera idya zonse mwapulumutsazo.

Amwale: Agondwe anena zoona. Ndiwonjezere za dipoziti, poti ndine ndayitchula. Musalipire pa mawu a pa foni. Invoisi ibwere yolembedwa mtengo, chiwerengero, kukula kwa thumba, tsiku lofika, ndi amene alipire thiransipoti, apo ayi K760 ija mudzapeza ndi yokatengera ku Kanengo. Ndipo ikabwera imelo yoti "tasintha akaunti ya kubanki", musatumize kobiri musanaimbe pa nambala imene mumaidziwa kale, osati yolembedwa mu imeloyo. Akuba amalowerera makalata otere nthawi yomwe anthu akukambirana za malipiro, adiresi amasintha chilembo chimodzi chokha.

Aphiri a ku Santhe: Ine ndikuti mukumunyengerera kwambiri. Ndalama ndi yanu amayi. Aone pepala la mnzake.

Mayi Nazimbiri: Ndalama ndi yawo inde, koma mwezi wa mawa matumba akasowa, sapulaya amayamba kupatsa amene sanamuchititse manyazi.

Achisale: Nanga ulusi wosokera matumba mukugula bwanji kumeneko? Kuno wasowa.

Agondwe: Funsani kwa omwewo a matumba, koma pa oda yake yake, musauphatikize pa nkhani ya mtengo ija isanathe.