Ndithandizeni kulemba kalata yodandaula za tiketi yanga ya mpira

Moni nonse. Ndili ku Zomba, ndipo kampani ina ya zobetcha yandidyera ndalama.

Loweruka ndinabetcha K2,000 pa tiketi ya magemu atatu: 1.80, 2.10 ndi 1.50. Awiri oyambawo analowa bwinobwino. Yachitatu inaimitsidwa pa mphindi 30 chifukwa cha mvula, timu yanga ili kumbuyo 1-0, ndipo sinapitirizidwe. Iwo alemba kuti tiketi yonse yagwa.

Koma lamulo lawo lomwe, lopachikidwa pakhoma la shopu, likuti gemu yosamalizidwa imachotsedwa n'kuwerengedwa 1.00. Ndiye 1.80 kuchulukitsa ndi 2.10 ikubwera 3.78, kutanthauza K7,560. Si zambiri, koma ndi zanga.

Ndinabwerera kushopuko, pafupi ndi depoti. Mtsikana wa pakauntala anangoti makina ndi amene amawerengera. Ndaimba foni kawiri, akungoti dikirani bwana.

Tsopano ndikufuna kalata. Ndayikamo nambala ya tiketi, tsiku, nthawi, magemu ndi ndalama. Tiketiyo ndaijambula kale poti inki yake sichedwa kufufutika. Kodi lamulolo ndilikopere mawu ake onse, kapena ndingotchula nambala yake? Nanga ndiwapatse masiku angati oti ayankhe ndisanapite nayo ku bungwe loyang'anira zobetcha?