Kuwonjezera masiku a ngongole: zomwe ndidapeza

"Kodi masiku oti makasitomala anga abwezere ngongole ndiwawonjezere kuchoka pa 30 kufika 60?" Ndidafunsa choncho mwezi wathawu.

Ndawerengera tsopano. Malonda angakwere kuchoka pa 12,000,000 kufika 13,200,000 pachaka, phindu lowonjezera 240,000. Poyamba mtima udadumpha.

Chomwe ndidaphonya n'chakuti makasitomala akale nawonso ayamba kulipira mochedwa, osati atsopano okha. Ndalama zokhala m'manja mwa anthu zikwera kuchoka pa 1,000,000 kufika 2,200,000, ndipo chiwongoladzanja cha 15 peresenti pa 1,200,000 yapamwambayo chidya 180,000. Apa m'pamene padandiwawa, chifukwa ndalamayo ndikaikongola kubanki. Ngongole zosabwezedwa zitenga 60,000, kulondalonda okongola 30,000. Zonsezi zikuposa phindu lija, choncho nditaya 30,000 pachaka.

Ndiyesanso masiku 45.