Ndithandizeni, chiganizo changa chandidanitsa ndi alonda

Mlembi wa ku Ulongwe: Akuluakulu, ndine mlembi wa kalabu ya alimi a kachewere kuno ku Angonia. Mu lipoti la mwezi watha ndinalemba kuti: "Ataledzera, alonda anagwira anyamata awiri omwe anaba matumba 3 a feteleza." Oledzerawo anali anyamatawo. Nditawerenga pamsonkhano anthu anafa nalo phwete, mlonda wina wachikulire, yemwe sanalawepo ndi kachasu yemwe, n'kunyamuka osatsanzika. Ndinaphonya pati, ndipo ndikonze bwanji?

Nangozo: Vuto ndi kachizindikiro kopumirako, achimwene. Kachotseni basi.

Aphunzitsi a ku Domwe: Ayi mayi, lipotili linawerengedwa mokweza, khutu silimva chizindikiro. Taonani a mlembi: mawu akuti "ataledzera" akakhala kumayambiriro amadikira mwini wake, ndipo amakakamira dzina loyamba lomwe akumana nalo. Apa akumana ndi alonda. Choipa china, alonda ndi anyamata onse amatenga "a-", ndiye palibe chowalekanitsa. Mukanalemba "zitaledzera" ndi "mbava ziwiri", "zi-" uja akanaloza mbava, alonda n'kupulumuka, ngakhale chiganizocho chikanayendabe motsimphina.

Mlembi wa ku Ulongwe: Nanga ndikasunthira kumapeto? "Alonda anagwira anyamata awiri ataledzera."

Aphunzitsi a ku Domwe: Pamenepo mwangochepetsa, simunachize. Tsopano akhoza kukhala aliyense mwa magulu awiriwo. Mamatizani mawuwo pa eni ake: "anagwira anyamata awiri oledzera omwe anaba feteleza." Koma ine ndikanadula pawiri: "Alonda anagwira anyamata awiri omwe anaba matumba 3 a feteleza. Anyamatawo anali ataledzera." Kalembera kake n'kosakometsera, koma palibe adzatuluke mumsonkhano.

Wa njinga ya moto ku Zobwe: Inetu ndingofunsa, fetelezayo anabwezedwa? Chaka chino thumba lakwera mtengo koopsa.

Mayi a Tadala, Moatize: Zinandionekerapo ine. Ndinamata pepala pageti: "Tikufuna mtsikana wolera mwana wodziwa kuphika." Mlamu wanga anandifunsa ngati khanda la miyezi 8 layamba kale kuvundula nsima. Ndinalembanso kuti "mtsikana wodziwa kuphika woti azilera mwana."

Nangozo: Komatu aphunzitsi, aliyense wanzeru amadziwa kuti khanda siliphika. Sitikukulitsa nkhani apa?

Aphunzitsi a ku Domwe: Za khandazo n'zoseketsa chabe, chifukwa tanthauzo linalo n'losatheka. Koma mlonda kuledzera pantchito n'zotheka, n'chifukwa chake bambo aja anapsa mtima. Yesani ichi: "Mwana wa mlonda amene anaba wathawa." Wakuba ndani?

Nangozo: Mwanayo, n'zachidziwikire.

Mayi a Tadala, Moatize: Ine ndamva kuti ndi mlondayo.

Mlembi wa ku Ulongwe: Ndatenga chodula pawiri chija. Funso latsala: ndifufute m'kaundula, kapena ndilembe chokonza m'munsi n'kusainitsa wapampando? Msonkhano wina uli Loweruka.