Kalata ya mayi wa ku Jali: titapeko pa ndalama za malata?

Mlembi: Abale, nkhani ya shedi ya kusikelo iyambe yaima. Mayi wina wa kumudzi wandipatsa kalata kuti ndikamusiyire pachipatala cholipira chija. Wavomera kuti ndiike pano, dzina ndachotsa:

"Adokotala, mwana wanga wa zaka 6 watupa tsaya la kumanzere, ino ndi sabata yachitatu. Poyamba ndinkati ndi dzino. Sakulira nacho, koma chikukulirakulira ndipo mano awiri akugwedera. Nsima ikumukanika kutafuna, akungomwa phala. Ndinamugulira panado ndi makapisozi kugolosale, osasintha. Ndalama ndilibe mpaka nditagulitsa mpunga. Chonde mundilole ndizipereka pang'onopang'ono."

Ndiye titani? Titapeko pa K400,000 ya malata ija?

Achimwene a ku Joni: Matsagwidi amenewo. Anga onse atatu anadwala, anachira okha. Nanga mwana wa zaka 6 kugwedera mano n'chachilendo?

Msungichuma: Ndalama imeneyo tinasonkhera malata, ndipo mmisiri tinapangana naye kale. Tikatsegula khomo ili, mawa kubwera wa maliro, mkuja wa fizi. Mvula idzatipeza azimayi akuyezetsabe ana pansi pa mtengo wa mango.

Aphunzitsi: Kutupa kwa ana kwathu kuno nthawi zambiri ndi kunyentchera. Apite kwa alangizi a zaumoyo, chiponde n'chaulere.

Anamwino opuma: Aphunzitsi, chiponde n'chauleredi, koma kunyentchera kumayamba kutupitsa mapazi onse awiri. Ukadina ndi chala pamatsala kadzenje. Sikusankha tsaya limodzi. Achimwene, matsagwidi amatupa m'munsi mwa khutu, amapweteka, ndipo pakatha sabata kapena kupitirirapo pang'ono amaphwa. Uyu ali pa sabata yachitatu. Mlembi, tamufunsani mayiyo: akugwedera ndi mano akutsogolo kapena a m'kati? Thupi likutentha? Patuluka mafinya?

Mayi a ku Chinamwali: Wanga ankadzuka zikope zitatupa ngati walumidwa ndi njuchi, mkodzo wa thovu. Anati ndi impso, anamwa mapiritsi miyezi ingapo. Mwina n'zomwezo?

Anamwino opuma: Za impso zimagwira mbali zonse ziwiri amayi, ndipo zimaonekera kwambiri m'mawa.

Mlembi: Akuti ndi a m'kati otafunira, mbali yotupayo. Thupi silikutentha, mafinya palibe, chotupacho n'cholimba. Diso la mbali yomweyo layamba kutuluka misozi.

Anamwino opuma: Basi, kalatayo musakasiye kulikonse, ingodya masiku. Pafoni sindingayeze mwana, koma chimene ndikuopa ndi khansa ya ana yotchedwa Burkitt. Imakonda nsagwada za ana a msinkhu womwewu, makamaka kumadera a malungo ambiri ngati kwathu kuchigwa cha Chilwa. Dzino lovunda likatupitsa tsaya mwana sagona ndi ululu, ndipo thupi limatentha. Ichi chimakula mwakachetechete, n'kumakankha mano kuchokera pansi, ndipo changu chake n'choopsa: kudikira kuti mpunga ugulidwe n'kudikira kuti chifike kudiso kapena kukhosi. Mawa m'mawa atenge buku la kuchipatala la mwanayo apite ku Zomba Central. Akaona kuti n'chimenecho amutumiza ku Queens ku Blantyre, kuwodi ya ana a khansa. Kumeneko amatengako pang'ono pachotupacho n'kukayeza, amaunikanso m'mimba chifukwa chimabisala kumenekonso. Zipatala ziwirizi n'zaboma, salipiritsa. Chinthu chimodzi ndikupempha: asalole wina atemepo mphini kapena kuzula manowo.

Achimwene a ku Joni: Khansa?! Ndiye pali chochiza ngati?

Anamwino opuma: Imeneyi imamva mankhwala, achimwene. Akamuika diripi, chotupa chimayamba kuphwa m'masiku ochepa. Vuto limene ndinkaliona ndi limenelo: mayi akaona tsaya labwerera, ufa wathanso, kumunda kukumudikira, amanyamula mwana n'kubwerera kumudzi mankhwala asanathe. Chikabweranso chimavuta kwambiri kuchiza.

Msungichuma: Ngati chipatala n'chaulere, ndalama za malata zikulowapo pati?

Mlembi: Pa kabaza wochoka kumudzi kufika pa Jali, minibasi ya ku Zomba, sopo, ndiwo za womudikirira, ndi ulendo uliwonse wobwerera ku Queens. Ine ndikuti tipatule K50,000 likhale thumba la thiransipoti ya odwala otumizidwa kuchipatala chachikulu basi.

Msungichuma: Nanga adzaweruza ndani kuti uyu ndi woyenera, uyu ayi? Muja tinachitira ndi ndalama za mjigo mwaiwala?

Aphunzitsi: Kalata yotumizira ya kuchipatala ndiyo iziweruza, osati ife. Koma thumbalo lisonkhedwe palokha, malata asakhudzidwe.

Achimwene a ku Joni: Zimenezo mukangane Lamlungu. Mlembi, onani pafoni panu, ndatumiza ya mawa. Kabaza mumuuze usiku uno.

Mayi a ku Chinamwali: Akatsika padepoti andiimbire, ndimuperekeza. Koma ana ake enawo atsala ndi ndani?